Mmene mungayankhire funso la mayeso lotanthauzira pangano ndi lofufuza ngati dziko lalakwa

Mwana wa achemwali anga amaphunzira zamalamulo ku Zomba, ndipo tchuthi chapitachi anadzakhala kwathu kuno ku Salima akukonzekera mayeso a malamulo a pakati pa mayiko. Popeza inenso ndinadutsa njira yomweyo ndipo ndachongapo mapepala a ophunzira, ndinamupekera funso, ndinamupatsa mphindi 45, kenako ndinachonga ngati mmene wochonga weniweni angachitire. Anapeza malikisi 11 pa 25. Malamulowo amawadziwa, ndime zina amazitchula pamtima. Chimene chinamugwetsa n'chakuti anayamba kunena kuti dziko lalakwa asanatiuze chimene dzikolo linalonjeza. Simunganene kuti munthu waphwanya lonjezo musanakhazikitse kuti lonjezolo likuti chiyani, ndipo malangizo ali m'munsiwa atsamira pamenepo. Mayesowo mudzalemba m'Chingerezi, koma dongosolo la kaganizidwe ndi lomweli.

Funso lenilenilo

Mayiko ake ndi ongopeka. Dziko la Kumvuma ndi dziko la Kuzambwe amagawana nyanja imodzi. Mu 1975 anasainirana pangano lopanda chaka chothera. Mawu oyamba a panganolo akuti cholinga ndi kuteteza moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja komanso kusamala nsomba. Ndime 3 ikuti: "Asodzi a dziko lililonse mwa awiriwa ali ndi ufulu wopha nsomba ndi mabwato awo mbali iliyonse ya nyanja, kupatula miyezi yotseka." Ndime 6 ikuti mabwato ogoba ndi a matabwa omwe azilembetsedwa. Nthawi imeneyo panyanjapo panalibe injini. Kuyambira 1990 asodzi anayamba kumangirira mainjini, ndipo chaka ndi chaka maofesi a za nsomba a mayiko awiriwa ankatumizirana mndandanda wa ziphaso, za mabwato a injini zili momwemo. Mu 2021 Kuzambwe kunakhazikitsa lamulo loletsa injini chifukwa chambo chikuchepa. Mu 2022, nyanja ili yotsegula, sajeni wa apolisi apanyanja a Kuzambwe anagwira mabwato atatu a injini a asodzi a Kumvuma, n'kuwotcha zilimira zawo, ngakhale akuluakulu ake anali ataletsa kuwononga katundu wa anthu. Usiku womwewo anyamata a pagombe anatentha limodzi la mabwatowo apolisi ali chiimire. Kuzambwe kukunenanso kuti zolemba zokonzekera panganolo za mu 1974 zinali ndi mawu akuti "mabwato opalasa." Langizani boma la Kumvuma.

Gawo loyamba: mphindi zisanu musanalembe chilichonse

Tengani pensulo, zungulizani chaka chilichonse, ndipo dulani mzere pansi pa aliyense amene wachita kanthu. Wopeka funso saika chaka mwangozi. Pano 1975 ndi msampha, 1990 ndi umboni, 2021 ndi chodzikhululukira, 1974 ndi nyambo. Ochita kanthu ndi atatu: nyumba ya malamulo, sajeni, ndi anyamata. Kumbali kwa pepala lembani mafunso anayi motsatana: panganolo likutanthauza chiyani, zochitikazi tingazikoleke pa dziko, pali chochotsa kulakwako, ndipo wolakwiridwa alandire chiyani. Pa malikisi 25, ine ndinapereka 10 ku funso loyamba, 6 ku lachiwiri, 5 ku lachitatu ndi 4 ku lomaliza. Ochonga ena amagawa mosiyanako, koma funso likakupatsani mawu enieni a ndime, dziwani kuti malikisi ochuluka abisala m'mawu amenewo.

Gawo lachiwiri: nenani lamulo limene mugwiritse ntchito, ndi chifukwa chake

Malamulo otanthauzira mapangano ali mu Pangano la ku Viyena la 1969, ndime 31 mpaka 33. Koma panganoli linayamba kugwira ntchito mu 1980, ndipo ndime 4 yake imati limakhudza mapangano opangidwa litayamba kale kugwira ntchito kwa mayiko okhudzidwawo. La m'funso lathu ndi la 1975. Njira yotulukira ndi yakuti mfundo za ndime 31 ndi 32 zimavomerezedwa ngati lamulo lachizolowezi cha mayiko, ndiye zimagwira ntchito ngakhale pa mapangano akale. Khothi la Dziko Lonse la ku Hague linachita zimenezi mu 1999 pa mlandu wa chilumba cha Kasikili kapena kuti Sedudu, pakati pa Botswana ndi Namibia, pomasulira pangano la Mangalande ndi Jeremani la 1890. Ife a kunyanja pangano limeneli si lachilendo kwa ife, chifukwa ndi lomwe lija limatchulidwa pa mkangano wa malire a nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania.

Ziganizo zitatu zikukwana pamenepa. Mwanayu sanalembepo n'chimodzi chomwe, ndipo m'mphepete mwa pepala lake ndinalemba kuti: "Wagwiritsa ntchito ndime 31 pa pangano la 1975 osafotokoza kuti zikutheka bwanji. Malikisi awiri apita pa chinthu chimene ukuchidziwa."

Gawo lachitatu: tanthauzirani mawu akuti "mabwato"

Apa ndi pofunika kukhalitsa. Ndime 31 ndi lamulo limodzi, osati makwerero oti ukaponda loyamba ena uwasiye. Imati pangano limasuliridwe mokhulupirika, potsata tanthauzo lodziwika la mawu, powawerenga pamodzi ndi mawu ena owazungulira, komanso poyang'ana cholinga cha panganolo. Zonsezi muziwiritse mumphika umodzi, koma pepala lanu lizisonyeza chilichonse chikulowa.

Yambani ndi tanthauzo lodziwika, ndipo mupatse mdani wanu zake. Aliyense amene wakhalapo pagombe la Senga Bay akudziwa kuti msodzi amasiyanitsa bwato ndi boti: bwato ndi la mtengo wogoba lopalasa ndi nkhafi, boti ndi la matabwa, kawirikawiri lokhala ndi injini. Choncho Kuzambwe sikukunena zopanda mutu. Wophunzira amene angothamangira kuti "n'zachidziwikire kuti bwato ndi chombo chilichonse" wataya malikisi, chifukwa wochonga akufuna aone kuti mwamva kulemera kwa mbali inayo musanaigwetse.

Kenako tsegulani ndime zoyandikana. Ndime 6 ikunena za mabwato ogoba ndi a matabwa omwe, kusonyeza kuti olemba panganolo anagwiritsa ntchito liwu lakuti bwato mokuta mitundu yonse, osati monga amalitchulira alovi pagombe. Komabe ndimeyi sikunenapo za injini, ndiye yakufikitsani pakati pa njira basi. Nenani zimenezi poyera.

Cholinga cha panganolo chili ndi miyendo iwiri, ndipo apa ndi pamene mwanayu anakhumudwa. Iye anatenga mawu akuti "kuteteza moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja" n'kusiya akuti "kusamala nsomba," chifukwa achiwiriwo akuthandiza Kuzambwe. Yankho labwino limawatenga onse awiri, n'kusonyeza kuti panganolo linasankha lokha njira yosamalira nsomba, yomwe ndi miyezi yotseka ndi kulembetsa, osati kuletsa mtundu wa chombo. Cholinga chimaunikira mawu amene alipo. Sichipereka chilolezo cholowetsa chiletso chimene mayikowo sanalembe.

Tsopano pali vuto la nthawi: liwu lolembedwa mu 1975 lingafikire chinthu chimene chinabwera mu 1990? Mlandu wothandiza ndi wa Kosita Rika ndi Nikaragwa wa 2009, wokhudza kuyenda pa mtsinje wa San Juan. Pangano la 1858 linapatsa Kosita Rika ufulu woyenda pamtsinjewo pa zamalonda, ndipo khothi linati malondawo lero akuphatikizapo kunyamula anthu ngakhalenso alendo okaona malo. Chifukwa chake chinali chakuti liwulo ndi lokuta zambiri ndipo panganolo linapangidwa kuti likhale kwa nthawi yosatha, ndiye mayikowo ayenera kuti ankadziwa kuti tanthauzo lidzayenda ndi nthawi. Musangotchula dzina la mlandu. Tengani zifukwa ziwirizo muziyeze pa funso lanu: ndime 6 yasonyeza kuti "mabwato" ndi liwu lokuta, ndipo pangano la 1975 lilibe chaka chothera.

Umboni wamphamvu kuposa wonse ndi zimene mayikowo anachita pambuyo pake. Ndime 31, kachigawo kachitatu, imati tiganizirenso mchitidwe wa mayiko pogwiritsa ntchito panganolo, ngati mchitidwewo ukusonyeza kuti akugwirizana pa tanthauzo lake. Liwu lofunika ndi kugwirizana. Kungoti asodzi akhala akugwiritsa ntchito injini zaka 30 sikukwanira, chifukwa asodzi si boma. Pa mlandu wa Kasikili uja, Namibia inanena kuti anthu a mtundu wa Masubia a ku Caprivi ankalima pachilumbacho kwa zaka zambiri, koma khothi linakana kuti zimenezo zikusonyeza mgwirizano wa maboma pa za malire, ndipo linagamula kuti chilumbacho ndi cha Botswana. Funso lathu likusiyana pamenepo: amene ankatumizirana mndandanda wa ziphaso ndi maofesi a boma a mbali zonse ziwiri, chaka ndi chaka, Kuzambwe osadandaulapo mpaka 2021. Mukalemba kusiyana kumeneku m'ziganizo ziwiri, wochonga amadziwa kuti mlanduwo munauwerenga, simunangouloweza.

Zolemba za 1974 zibwere pomalizira. Ndime 32 imalola zolemba zokonzekera ngati zothandizira chabe: kutsimikizira tanthauzo limene mwapeza kale, kapena kupeza tanthauzo ngati ndime 31 yasiya mawu osamveka kapena yakufikitsani pa zopanda nzeru. Ndiponso taonani bwino chimene zolembazo zikunena. Liwu lakuti "opalasa" linalipo mu 1974 koma m'pangano losainidwa mulibe. Kuchotsedwa kwake kukhoza kusonyeza kuti mayikowo sanafune kudzimanga, ngakhale Kuzambwe kunganene kuti analichotsa poona kuti n'losafunika kulitchula. Ine ndimaona kuti nyamboyi ikuthandiza Kumvuma pang'ono kuposa amene anaibweretsa.

Ndemanga yanga pa gawoli inali yayitali: "Wayamba ndi zolemba za 1974 ngati kuti ndizo lamulo, ndime 31 n'kubwera pambuyo. Wanena kuti mchitidwe wa asodzi ndi umboni, koma mndandanda wa maofesi sunautchule. Ndiponso sunamalize: ndafika kumapeto kwa gawoli ndisakudziwa ngati ukuti injini ndi zololedwa kapena ayi. Malikisi 4 pa 10." Tsekani gawoli ndi chiganizo chimodzi cholimba: ndime 3 ikuteteza mabwato a injini, choncho Kuzambwe kuli ndi udindo wowalola kupha nsomba nyanja ikakhala yotsegula.

Gawo lachinayi: kolekani chochita chilichonse pa dziko, chimodzichimodzi

Apa mukusintha buku. Mukutsegula ndime zimene akatswiri a malamulo a bungwe la mgwirizano wa mayiko onse anamaliza kulemba mu 2001, zonena za udindo wa dziko likachita cholakwa. Zimenezi si pangano, koma makhothi amatenga zambiri mwa izo ngati lamulo lachizolowezi, ndipo chiganizo chimodzi chonena zimenezi chimapatsa malikisi. Ndime 2 imafuna zinthu ziwiri: chochitikacho chikhale choti tingachiwerengere dziko, ndipo chikhale chophwanya udindo wa dzikolo kwa mayiko ena.

Sajeni ndi chiwalo cha boma malinga ndi ndime 4, kaya udindo wake ndi wotsika bwanji. Kuzambwe kudzati iye anaphwanya malangizo powotcha zilimira, koma ndime 7 imati dziko limayankhabe ngati chiwalo chake chinachita zinthuzo pa udindo wake, ngakhale chitapyola malire kapena kunyozera malangizo. Choyezera ndi ichi: anali pa ntchito, m'boti la boma, akugwiritsa ntchito mphamvu yogwira anthu? Ngati ndi choncho, ndi dziko lachita. Akanakhala kuti anali patchuthi n'kumenyana ndi msodzi pa nkhani ya ngongole, ikanakhala nkhani ina.

Anyamata aja ndi anthu wamba, ndipo zochita za anthu wamba siziwerengedwa pa dziko pokhapokha ngati anachita motumidwa kapena molamulidwa ndi boma, monga inenera ndime 8, kapena boma litazivomereza pambuyo pake kuti ndi zake, monga inenera ndime 11. Funso silikupereka umboni wa chilichonse mwa ziwirizi, ndiye musaupeke. Mwanayu analemba kuti "mwina sajeni anawatuma," ndipo ndinazunguliza liwu lakuti mwina n'kulemba kuti: "Izi zili pa mzere uti wa funso?" Njira yoyenera ndi kuyang'ana apolisi amene anaima chiimire. Kusachitapo kanthu nakonso ndi chochita cha dziko. Pa mlandu wa 1980 wa akazembe a Amereka amene anagwidwa ku Tehran, khothi linati poyamba kuukira kwa achinyamata sikunali kochitidwa ndi dziko la Irani, koma dzikolo linalakwa polephera kuteteza ofesi ya kazembeyo. Pano Kuzambwe sikuyankha chifukwa chotentha bwato, kukuyankha chifukwa cholephera kuteteza katundu wa alendo amene anali kale m'manja mwa apolisi ake. Kusiyanitsa ziwirizi ndi kumene kumalekanitsa yankho lapakati ndi lapamwamba.

Lamulo la 2021 musalitayire nthawi. Ndime 27 ya ku Viyena imati dziko silingagwiritse ntchito lamulo la kwawo ngati chifukwa cholepherera kukwaniritsa pangano. Kwatha.

Gawo lachisanu: yesani chodzikhululukira cha chambo

Kuzambwe kudzati kunakakamizika ndi vuto lalikulu, zomwe zili mu ndime 25 ya 2001. Mfundoyi ndi yopapatiza dala. Chochitacho chiyenera kukhala njira yokhayo yotetezera chinthu chofunika kwambiri ku ngozi yaikulu ndi yoyandikira, chisawononge kwambiri zofunika za dziko linalo, ndipo dziko lodandaulalo lisakhale loti linathandizira kubweretsa vutolo. Vomerezani kuti kutha kwa nsomba ndi nkhani yaikulu. Amene timagula chambo kuno sitifunika kuuzidwa zimenezo, ndipo Khothi la Dziko Lonse mu 1997, pa mlandu wa Hangare ndi Silovakiya wokhudza madamu a pa mtsinje wa Danube, linavomereza kuti chilengedwe ndi chinthu chofunika kwambiri kwa dziko. Koma Hangare inalepherabe, chifukwa ngoziyo sinali yoyandikira ndipo panali njira zina. Kuzambwe nakonso kukanatha kupempha zokambirana, kutalikitsa miyezi yotseka mogwirizana, kapena kuchepetsa ziphaso. Komanso kunkapereka kokha ziphaso za injini kuyambira 1990. Ndipo ngakhale mutavomereza kugwidwa kwa mabwato, kuwotcha zilimira zimene zagwidwa kale sikupulumutsa nsomba n'imodzi yomwe.

Apa mwanayu anachita bwinoko, malikisi 3 pa 5. Ndinamulembera kuti: "Zofunika za ndime 25 wazitchula zonse molondola, koma wazisiya pamndandanda. Chilichonse chimafuna chiganizo chake chochokera m'nkhani ya funso." Anayesanso kulowetsa ndime 23 ya mphamvu yosaletseka, yomwe siikugwirizana ndi nkhaniyi. Ndime imeneyo ndi ya zinthu ngati mwera wokankhira boti la apolisi kudutsa malire mosafuna, pamene sajeni wathu anachita kusankha.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: uzani Kumvuma chimene kupemphe

Funso lati langizani, ndiye siyani mphindi zosachepera zisanu ndi ziwiri za gawoli. Ambiri amafika pano nthawi itatha. Ndime 30 ya 2001 imafuna kuti cholakwa chopitirira chilekeke ndiponso, ngati zinthu zikufunika kutero, palonjezedwe kuti sichidzabwerezedwa: Kuzambwe kusiye kugwiritsa ntchito lamulo la 2021 pa asodzi a Kumvuma. Kenako pali kukonza zowonongeka, pa mfundo ya mlandu wa fakitale ya ku Chorzów wa 1928, yakuti kukonzako kufafanize zotsatira zonse za cholakwacho momwe kungathekere. Gwirizanitsani njira iliyonse ndi chinthu chake. Mabwato awiri otsalawo abwezedwe, malinga ndi ndime 35. Lotenthedwa lija ndi zilimira sizingabwezedwe, ndiye palipidwe chipukuta misozi malinga ndi ndime 36, kuphatikizapo phindu la masiku amene asodzi sanapite panyanja ngati lingatsimikizidwe ndi umboni. Pa kunyozedwa kwa dziko lenilenilo pali ndime 37, yomwe ikukhudza kuvomereza kulakwa ndi kupepesa, ndipo kulanga sajeni kungalowe pomwepa.

Ngati mphindi zatsala, onjezani chenjezo limodzi. Kuzambwe kudzati asodziwo akanayamba apita ku makhothi ake, potengera ndime 44. Yankho ndi lakuti lamulo limenelo limagwira pamene dziko likudandaula m'malo mwa nzika zake, osati pamene ufulu wake weniweni wa m'pangano ndi umene waphwanyidwa, ndipo pano zonse ziwiri zasakanikirana. Langizani Kumvuma kutsogoza kuphwanyidwa kwa ndime 3 ya pangano la 1975, kwinaku asodziwo akukasuma za katundu wawo.

Pagawoli mwanayu analemba mzere umodzi wokha, wakuti Kuzambwe kulipire, ndipo anapeza 1 pa 4. Pansi pa pepala lonse ndinalemba kuti: "Masamba awiri oyamba wawathera pofotokoza mbiri ya Pangano la ku Viyena, yomwe palibe wakufunsa. Ukadzalembanso, dzina la Kumvuma kapena la Kuzambwe lipezeke m'ndime iliyonse ya yankho lako. Ndime imene mulibe dzina la dziko ndi notsi za m'kalasi, si yankho."

Anandifunsa kuti, "Ndiye amalume, ndilembenso lomweli?" Ndinamuuza kuti alembe lomweli koma ndasinthamo zinthu ziwiri: mndandanda wa ziphaso unkatumizidwa ndi Kumvuma kokha, Kuzambwe kukumabweza kalata yodandaula chaka chilichonse, ndipo nduna ya Kuzambwe inayamikira anyamata aja pa wailesi n'kunena kuti boma lipitiriza zimene iwo anayamba. Kusintha koyambako kumagwetsa umboni wa mgwirizano, moti ayenera kudalira ndime 6 ya pangano la 1975 ndi mlandu wa 2009 basi. Kwachiwiriko kumatsegula ndime 11 ya 2001, ndipo ayenera kuyeza ngati kuyamikira chabe kukufika pa kutenga zochitazo ngati za boma. Analemba mawa lake m'mawa pakhonde, wotchi ili patebulo, ndipo anapeza 18.